Banga losapweteka kuphazi: wolemba nkhani uja sanalakwe kutiopseza

Pali nkhani yaifupi imene anthu akhala akutumizirana m'mafoni, ndipo yabutsa mkangano woposa kutalika kwake. Ikunena za mnyamata wa zaka 29 wogwira ntchito yowerengera ndalama m'sitolo ina ku Limbe, amene Loweruka lililonse amakamenya mpira ndi anzake. Tsiku lina akusamba, akuona kabanga kakuda pansi pa phazi, chakufupi ndi chidendene. Sikakupweteka, sikakuyabwa, choncho akuti ndi nsapato ya mpira yomwe inamupana. Miyezi isanu ndi umodzi itadutsa, kabangako kakula, m'mbali mwake mwayamba kukhotakhota, ndipo iye akukakwecha ndi mwala, kenako akukapala ndi lezala. M'chaka chachiwiri pakati pa bangalo patuluka kachotupa, sokosi yayamba kudetsedwa ndi magazi, ndipo azakhali ake akuti waponda mankhwala kuntchito chifukwa anamukweza udindo. Pomwe akufika kuchipatala chachikulu, ali kale ndi mwanabere wolimba m'mphechepeche. Nkhaniyo ikuthera pa benchi, iye atagwira pepala la zotsatira. Ena akuti wolembayo ndi woopseza anthu, ena akuti akunyoza odwala, enanso akuti iyi si nkhani koma chikwangwani cha kuchipatala chimene chavala malaya a nthano.

Ine ndili kumbali ya wolembayo, ndipo chifukwa changa n'chimodzi. Ambirife timayeza matenda ndi ululu. Chinthu chikapweteka timathamangira kuchipatala, chikakhala chete timati chitha chokha. Koma khansa imene nkhaniyi ikufotokoza imachiritsika bwino pa nthawi yomwe siikupweteka, ndipo ikayamba kusautsa mwini wake nthawi zambiri imakhala italowa kale pansi. Mdani wa mnyamatayo m'nkhani yonse ndi mawu amene akuwabwereza kwa chibwenzi chake, kwa mnzake wa pantchito ndi kwa iye mwini: "Koma sichikupweteka." Mawu amenewa chikwangwani sichingawagonjetse, pakuti aliyense wowanena amadziona kuti akuganiza bwino. Pamafunika nkhani yoti uyende ndi munthu wanzeru ngati iwe, uvomerezane naye pa sitepe iliyonse, kenako uone kumene kuvomerezanako kwakufikitsa.

Tisanafike pa zodandaula, tinene kaye chimene chili paphazi la mnyamatayo, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Dzina lake ndi melanoma, khansa yoyambira m'maselo amene amapatsa khungu mtundu wake. Pali mitundu ingapo ya melanoma, ndipo uwu umasankha malo opanda ubweya: pansi pa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Umakula m'magawo awiri. Poyamba umayanga cham'mbali m'kachikopa kapamwamba ka khungu, ngati kapinga amene akungotambalala asanazike mizu, ndipo gawo limeneli limatha kutenga miyezi yambiri ngakhale zaka. Kachikopa kapamwambako mulibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake khansa ikakhala ili mmenemo ilibe njira yopitira kwina. Pambuyo pake imatembenuka n'kuyamba kulowa pansi, kumene kuli timitsempha ta magazi ndi timisewu topita ku anabere. Kachotupa kamene kanatuluka pa banga la mnyamatayo m'chaka chachiwiri n'chizindikiro chakuti kutembenukako kwachitika.

Choncho madokotala safunsa kwambiri kuti banga ndi lalikulu bwanji kunja, amafunsa kuti lalowa pansi motani. Muyezo umenewu anaukhazikitsa dokotala wa ku America, Alexander Breslow, mu 1970, ndipo mpaka lero ndi umene amayang'ana poyamba pa pepala la zotsatira. Amayeza mu mamilimita, pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kuchokera pamwamba pa khungu kufika pa selo la khansa lomwe lili pansi kwambiri. Khansa ikachotsedwa isanapitirire milimita imodzi, anthu oposa 90 pa 100 aliwonse amakhala ali moyo patatha zaka zisanu, ndipo ambiri a iwo safunanso mankhwala ena. Ikadutsa mamilimita 4, makamaka ngati pamwamba pake pachita chilonda, mwayi woti yafalikira umakhala waukulu. Pepala la mnyamata wa m'nkhaniyi likuti mamilimita 5. Taganizirani kuti moyo wa munthu ukusiyanitsidwa ndi kutalika kosaposa theka la sentimita, ndipo kutalikako kunakula iye akupita kuntchito tsiku ndi tsiku, osamva kanthu.

Dandaulo loyamba, limene ndalimva kwambiri, n'lakuti khansa yapakhungu ndi ya azungu ndi abale athu achialubino, kotero wolembayo wangotola matenda a kwina n'kumuveka munthu wakuda. Pali choona m'mawu amenewa. Khungu lakuda limatetezadi ku dzuwa, ndipo melanoma yobwera chifukwa cha dzuwa siichitikachitika pakati pathu. Abale athu achialubino nawo amavutika kwambiri ndi khansa ya dzuwa, ngakhale kuti kawirikawiri imakhala ya mtundu wina, osati melanoma. Koma pansi pa phazi dzuwa silifikapo, ndipo mtundu uwu suyendera dzuwa. Umagwira anthu a khungu lililonse, ndipo kwa anthu akuda ndiwo mtundu wa melanoma umene umapezeka kwambiri. Amene akukayika akumbukire Bob Marley. Mu 1977 anamupeza ndi melanoma pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi, malo amene poyamba ankawayesa bala la mpira. Anakana kudulidwa chalacho, khansayo inafalikira m'mapapo ndi mu ubongo, ndipo anamwalira ku Miami pa 11 Meyi 1981 ali ndi zaka 36. Anyamata athu ambiri ali ndi nkhope yake pa malaya, koma ochepa ndi amene amadziwa kuti chinamupha chinayambira kuchala.

Dandaulo lachiwiri ndi lolimba kuposa loyambalo, ndipo sindilikana lonse. Odziwa za chipatala akuti melanoma ya kuphazi imagwira kwambiri anthu achikulire, a zaka za m'ma 50, 60 ndi kupitirira, kotero kusankha mnyamata wa zaka 29 n'kusocheretsa owerenga. Akunena zoona. Munthu amene amapezeka nayo kawirikawiri ndi agogo a kumudzi amene akhala ndi chilonda cha kuchidendene chaka chathunthu, akuchimanga ndi kansanza, onse akuti ndi chisonga chakale kapena matenda a shuga. Komabe kuchepa si kusakhalapo, ndipo zaka za Marley zikuchitira umboni. Chachikulu kwa ine ndi funso lakuti nkhaniyi ikuwerengedwa ndi ndani. Agogo aja saiwerenga pa foni. Amaiwerenga ndi mdzukulu wawo wa m'tauni, yemwe ndiye amatumiza ndalama ya minibasi, yemwe mawu ake akuti "tiyeni kuchipatala" amamveka pabanja. Mdzukuluyo akadziona yekha m'nkhani, akapita kumudzi pa Khirisimasi n'kuona phazi la agogo, adzalizindikira. Nkhani ya nkhalamba yodwala akanaidumpha, pakuti kwa achinyamata kudwala kwa okalamba si nkhani.

Lachitatu ndilo lofunika kulikhalira pansi. Anthu akuti nkhaniyi ipangitsa aliyense wokhala ndi kadontho kuphazi kugona osapeza tulo, ndipo zipatala zathu, zomwe mizere yake ndi yaitali kale, zidzadzaza ndi anthu athanzi. Apanso pali choona chachikulu: anthu akuda ambiri ali ndi timabanga tofiirira kapena takuda pansi pa mapazi, ndipo pafupifupi tonse ndi topanda vuto. Koma yankho la mantha opanda maziko ndi kudziwa kusiyanitsa, ndipo wolembayo, kaya mwadala kaya ayi, waika zizindikiro zonse m'nkhani yake. Timabanga tabwinobwino nthawi zambiri timakhala tingapo, pa mapazi onse awiri, tating'ono, ta mtundu umodzi, ndipo chaka chino tili momwe tinalili chaka chatha. Banga la mnyamatayo linali limodzi, losiyana ndi china chilichonse pathupi pake, ndipo linkasintha. Linakula kupitirira mamilimita 7, womwe ndi muyezo umene madokotala a khungu amayamba kuchenjera nawo pa banga la kuphazi. M'mbali mwake munasiya kukhala mozungulira bwino. Mtundu wake unasakanikirana, pena bii, pena pofiirira, pena potuwa. Chizindikiro chachikulu pa zonsezi ndi kusintha, ndipo munthu wa m'tauni ali nacho chida chochionera m'thumba mwake: kujambula bangalo ndi foni, rula itagonekedwa pambali, n'kujambulanso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Tiyeni titengenso zifukwa zimene mnyamatayo ankadzipatsa, chifukwa chilichonse chinali ndi njira yochiyesera. Anati ndi magazi oundana chifukwa cha mpira. Zimenezi zimachitikadi kwa osewera, timadontho takuda pachidendene, koma magaziwo amakhala m'chikopa chakufa chapamwamba ndipo amachoka m'masabata ochepa khungu likamasinthika. Banga lomwe latha miyezi itatu likukulirakulira si magazi. Pansi pa chikhadabo lamulo lake n'lofanana: magazi amayenda ndi chikhadabo kulowera kunsonga pamene chikukula, pomwe mzere wakuda wa khansa umakhala pomwepo, umanka nutambalala, ndipo nthawi zina mtundu wake umatayikira pakhungu lozungulira chikhadabocho. Anati mwina ndi njerewere, koma njerewere imakhala yokhakhala ndipo imapweteka ukaitsina m'mbali. Anati mwina ndi thekenya, koma thekenya limayabwa, limakhala loyera ndi kadontho kakuda pakati, ndipo silikhala miyezi yambiri chonchi. Kunoko tilinso ndi khansa ya Kaposi, yofala pakati pa anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi kachilombo ka HIV, ndipo imakonda miyendo ndi mapazi, koma imeneyonso si yokhala nayo pakhomo. Ndiye taonani kuti nkhaniyi siikutuma aliyense kuchipatala. Ikutuma munthu wa banga limodzi, latsopano kapena losintha, kapena wa chilonda cha kuphazi chimene chakana kupola patatha miyezi iwiri chikuthiridwa mankhwala. Anthu otere sangadzaze chipatala, ndipo ndi omwe chipatala chikuwafuna.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda wolembayo akanachiikamo, ngakhale m'chiganizo chimodzi. Melanoma ina ya kuphazi siikhala yakuda konse. Imaoneka ngati kachilonda kofiira kapena kanyama kotuluka magazi, ndipo imeneyo ndiyo imanyenga ngakhale madokotala. Wowerenga amene watenga phunziro lakuti "ngati si lakuda palibe vuto" watenga theka lokha.

Za amene akuti iyi si nkhani koma chikwangwani, sinditaya nthawi yaitali. Chikwangwani chimalamula, ndipo munthu wa m'chikwangwani amene salabadira amajambulidwa ngati chitsiru. Mnyamata uyu si chitsiru. Amadziwa kuti kupempha tsiku kwa bwana kumapeto kwa mwezi n'kudziika pa mzere wa ochotsedwa, amadziwa kuti kuchipatala cha boma ukafika m'mawa umatuluka dzuwa litapendeka, ndipo amachita manyazi kuvula nsapato pamaso pa namwino chifukwa cha kadontho. Mphindi imene akupala bangalo ndi lezala, n'kuona kuti pansi pake m'pakudabe, n'kuvala sokosi mofulumira ngati wabisa chinthu chakuba, ndi ya wolemba wodziwa anthu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kulemba bwino za chinthu chosaimba ng'oma, chopanda ngozi ya galimoto kapena mfiti, ndi ntchito yovuta kuposa momwe odandaulawo akuganizira.

Dandaulo lomaliza ndilo lolemera. Akuti n'kosavuta kuloza chala wodwala, koma kodi akanapita msanga akanathandizidwa? Madokotala a khungu m'dziko muno ndi owerengeka, opima tinyama ta odwala ndi ochepanso, zotsatira zimachedwa, ndipo mankhwala atsopano a melanoma, aja odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa, mtengo wake munthu wamba sangaufike. Zonsezi sindikuzitsutsa. Koma zikawerengedwa bwino, zikugwera kumbali ya wolembayo. Kuchepa kwa zipangizo kumapweteka kwambiri wobwera mochedwa, pomwe wobwera msanga amafuna zinthu zomwe tili nazo. Banga laling'ono lokayikitsa amalichotsa lonse, ndi kakhungu kochepa kozungulira, atabaya jekeseni yochititsa dzanzi pamalopo, n'kusoka, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kanyamako amakaika m'kabotolo ka mankhwala osungira n'kukatumiza kokapima, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Zotsatira zikati ndi melanoma yosapitirira milimita imodzi, amadulanso khungu lozungulira chipseracho sentimita imodzi mbali zonse, ndipo kwa ambiri chithandizo chimathera pomwepo, kungotsala kumapita kukaonedwa. Ikapitirira mamilimita awiri amadula masentimita awiri mbali zonse, ndipo pachidendene bala lotere silitsekeka lokha, pamafunika kutenga khungu pantchafu n'kumatapo. Ikafika m'mphechepeche, ndiye opaleshoni yochotsa anabere, imene imatha kusiya mwendo wotupa moyo wonse. Ikafika m'mapapo kapena m'chiwindi, mankhwala akale a khansa sachita zambiri pa melanoma, ndipo atsopano aja ndi omwe tilibe. M'dziko lolemera wochedwa ali ndi mwayi wachiwiri. Kwathu kuno mwayi weniweni uli pa mpeni wa dokotala, bangalo lidakali lathyathyathya.

Apa m'pofunika kuyankhanso mawu amene azakhali a m'nkhaniyo akunena, amenenso ndimawamva m'maliro ambiri, akuti khansa ukaikhudza ndi mpeni imalusa. Chikhulupirirochi chili ndi gwero lomveka: anthu ambiri amachitidwa opaleshoni khansa itafalikira kale, amamwalira patapita miyezi yochepa, ndipo achibale amati wapha ndi mpeni. Koma kudula kanyama kokapima sikuchepetsa mwayi wa munthu wochira. Chimene chimaononga ndi kudula kwa pakhomo. Kupala ndi lezala, kutentha ndi mankhwala a njerewere, kutema mphini kapena kuthirapo madzi a batire kumachotsa pamwamba, kumene kukanathandiza dokotala kuzindikira, n'kusiya maselo a pansi akupitiriza ntchito yawo. Pambuyo pake ngakhale muyezo wa Breslow uja umavuta kuuwerenga molondola, chifukwa pamwamba poyambira kuyeza paonongeka.

Ndipo amene akuti nkhaniyi ikuimba mlandu wodwala yekha sanaiwerenge mpaka pakati. Muli ndime imene mnyamatayo, atakakamizidwa ndi chibwenzi chake, akupita pa chipatala china chaching'ono. Womuona akuyang'ana phazilo ali chiimire, osalikhudza, akulemba mafuta opaka a bowa wa kumapazi, akuitana wotsatira. Miyezi ina isanu ikutayika pamenepo, ndipo nthawi ino mnyamatayo ali ndi chifukwa champhamvu kuposa zonse zakale: "A dokotala anaona kale." Ndime imeneyi ndi yoona kwambiri moti ikanayenera kuwerengedwa m'makalasi a anamwino ndi madokotala. Ngakhale m'mayiko okhala ndi zipangizo, melanoma ya kuphazi imayamba kaye yatchedwa bowa, njerewere kapena chilonda cha shuga, chifukwa wogwira ntchito amaona matenda amenewo tsiku lililonse pomwe khansayi angaione kamodzi pa zaka zingapo. Pali kagalasi kokuza kokhala ndi nyali kamene madokotala a khungu amaunikira, ndipo kamaonetsa kusiyana kodabwitsa: pa banga labwinobwino mtundu wakuda umatsata timigula ta mizere ya khungu, pomwe pa melanoma umakwera pa timizere totukuka. Kagalasiko sikapezeka pa chipatala chaching'ono. Chimene chimapezeka paliponse ndi mafunso awiri, akuti bangali lakhala nthawi yaitali bwanji ndipo lasintha motani, komanso dzanja lopapasa m'mphechepeche.

Pamenepa ndi pamene ndingawonjezere pa zomwe wolembayo wanena. Mnyamatayo anafika pa chipatala chija n'kungoti ali ndi banga. Akanati, "Lakhala chaka, linali laling'ono ngati njere ya mapira, tsopano ladutsa sentimita, zithunzi zake ndi izi," womuonayo akanavutika kulemba mafuta a bowa. Akapatsidwabe mafutawo, bowa weniweni amayamba kusintha m'masabata awiri kapena anayi, kotero kubwerera ndi buku la kuchipatala lomwelo, kuonetsa tsiku limene analembera mankhwala, n'kupempha kalata yopita kwa dokotala wa khungu kapena wa opaleshoni ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, si mwano. Kanyama kakadulidwa, afunse tsiku lobwera kudzamva zotsatira, alembetse nambala ya kabotolo m'buku lake, ndipo tsikulo likafika apite ngakhale bala litapola bwinobwino, chifukwa kupola kwa bala sikunena kanthu za zimene zili pa pepala.